Mbewu ya chaka chamawa: kusunga nthanga za maungu ndi nyemba, komanso chifukwa chake haibulidi sabwerezedwa

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka, kwa Maganga, ku Senga Bay mpaka kwa Khombedza ndi kwa Makanjira, phunziro lathu la ulendo uno ndi la mbewu. Tonse tikudziwa kuti nthawi yomwe mbewu imafunika, cha mu Novembala ndi Disembala, ndi nthawi yomwenso ndalama imasowa pakhomo. Makoka ena amakhala ataimitsidwa kuti chambo chiswane, chimanga cha m'nkhokwe chimakhala chikutha, ndiye kuti munthu apeze ya mbewu ya m'sitolo zimavuta. N'chifukwa chake ambiri timasunga yathu. Koma kusunga mbewu kuli ndi malamulo ake. Mbewu ina ukaisunga imabereka monga mayi wake, ina imakunamiza. Tiyeni tione kusiyana kwake, kenako tione mmene tingasungire nthanga za maungu ndi mbewu ya nyemba kuti zidzamere bwino.

Mbewu zitatu, makhalidwe atatu

Mbewu iliyonse ili ndi mayi ndi bambo. Mayi ndi duwa lomwe labereka chipatso, bambo ndi duwa lomwe kwachokera mungu, ufa wachikasu uja umamatirira kumiyendo kwa njuchi. Kuti tidziwe ngati mbewu ingasungike, funso loyamba ndi lakuti bambo wake ndani.

Nyemba zimadzikwatira zokha. Duwa limodzi la nyemba lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi, ndipo mungu umagwera pamalo pake duwa lisanatseguke n'komwe. Njuchi ikamafika imapeza ntchito yatha kale. Ndiye nyemba ya Napilira imabereka Napilira, ya Nanyati imabereka Nanyati, chaka ndi chaka. Kusakanizika kumachitika koma mwa apo ndi apo. Khobwe nayenso ali chimodzimodzi.

Maungu ndi osiyana. Pa chomera chimodzi pamakhala maluwa amitundu iwiri. Lachimuna ndi lija lili ndi kamtengo kakatali kowonda, lomwe amayi amathyola kuti aphike chiluwe. Lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Mungu sungachoke pa lachimuna kupita pa lachikazi popanda wounyamula, ndipo amene amaunyamula ndi njuchi. Njuchi sidziwa malire a munda. Imatha kuchoka m'munda wa mnzathu kutsidya kwa dambo n'kudzatera pa duwa lathu. Choncho dzungu lililonse mayi wake timamudziwa, koma bambo sitimudziwa, ndipo nthanga za m'dzungu limodzi zimatha kukhala ndi abambo angapo. Maungu amakolo ndi a mtundu wotere, okwatitsidwa ndi njuchi poyera, ndipo nthanga zake zimasungika bwinobwino ngati tasamala.

Mtundu wachitatu ndi haibulidi. Iyi ndi mbewu yomwe akatswiri asankha okha mayi ndi bambo. Amatenga mitundu iwiri yosiyana, uliwonse atauyeretsa kwa zaka zingapo kuti usasinthesinthe, n'kuikwatitsa. Ana oyamba a ukwati umenewu ndi amene amagulitsidwa m'paketi, ndipo pa paketi ya mbewu zamasamba pamalembedwa chizindikiro chakuti F1, kutanthauza m'badwo woyamba. Chimanga cha Kanyani, Mkango ndi Njobvu ndi haibulidi, monganso MH 18 yemwe anatuluka ku Chitedze mu 1990. Mbewu zambiri za tomato, kabichi ndi maungu ena a batanati za m'mapaketi ndi haibulidinso.

Apa pali chinthu chomwe ambiri timasokoneza. Si mbewu iliyonse ya m'sitolo yomwe ili haibulidi. Nyemba zamakono zomwe zinatulutsidwa ndi a zakafukufuku, monga Napilira, Kholophethe, Kalima ndi NUA 45, si haibulidi ayi. Ndi mitundu yokhazikika, ndipo mukhoza kuibwereza. Batanati wa dzina lakuti Waltham nayenso si haibulidi. Ndiye tisamataye mbewu yabwino poganiza kuti chilichonse chogula sichibwerezedwa. Tiziyang'ana pa paketi, ndipo ngati sitikumvetsa tizifunsa alangizi a zaulimi a m'dera lathu.

Chifukwa chake haibulidi amakhumudwitsa chaka chachiwiri

Ena amati makampani amathira mankhwala m'mbewu kuti isabereke kachiwiri. Sizili choncho. Mankhwala ofiira kapena obiriwira aja ndi oteteza mbewu ku tizilombo ndi matenda a m'nthaka, ndipo ndi poizoni, mbewu yotero sidyedwa. Chomwe chimagwetsa zokolola za chaka chachiwiri ndi mmene chibadwa chimayendera, ndipo izi anazifotokoza kalekale Gregor Mendel, amene anachita kafukufuku pa nsawawa n'kulemba zomwe anapeza mu 1866.

Khalidwe lililonse la chomera, kaya ndi kutalika kwa mphukira kaya kupirira matenda, limayendera malangizo awiri a chibadwa, limodzi lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Pa makhalidwe ena, langizo limodzi limakhala lamphamvu n'kuphimba linzake. Mu haibulidi, mbewu zonse za m'paketi zili ndi malangizo ofanana ndendende: limodzi la mtundu wa mayi, lina la mtundu wa bambo. N'chifukwa chake munda wa haibulidi umaoneka ngati wometa, zomera zofanana msinkhu, zocha nthawi imodzi.

Tsono haibulidiyo akamabereka ana ake, sapereka malangizo onse awiri. Amapereka limodzi lokha, ndipo limagwa mwamwayi. Mukhoza kuyesa izi pakhonde. Tengani malichero awiri, lililonse muikemo nyemba zofiira ndi zoyera zochuluka mofanana. Lichero lina ndi mayi, lina ndi bambo. Tsinzinani, mutole imodzi uku, imodzi uku. Mukachita kambirimbiri mupeza kuti pa maulendo anayi aliwonse, pafupifupi kamodzi mumatola zofiira zokhazokha, kawiri yofiira ndi yoyera, kamodzi zoyera zokhazokha. Ngati yofiira ikuimira langizo lamphamvu lomwe timalifuna, ndiye kuti chomera chimodzi pa zinayi zilizonse, chija chatola zoyera ziwiri, chataya khalidwe labwino lija.

Tiyerekeze ndi munda weniweni. Mlimi wagula batanati wa F1 yemwe ali ndi makhalidwe awiri oyenda motere: mphukira zazifupi zosatenga malo, ndi kupirira nthenda ina ya masamba. Chaka choyamba wakolola maungu ofanana, wagulitsa bwino kwa ophika m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Wasunga nthanga, chaka chachiwiri wamera zomera 32. Pa zimenezi, pafupifupi 8 zidzayanga mphukira zazitali ngati agogo ake, n'kupanikiza zinzake. Pafupifupi 8 zidzagwidwa ndi nthenda ija. Tikaphatikiza makhalidwe onse awiri, zomwe zidzakhale nawo onse ndi pafupifupi 18 zokha, zina 14 zikusowa limodzi kapena onse awiri. Amenewo ndi makhalidwe awiri okha. Onjezanipo kukula kwa dzungu, maonekedwe, kutsekemera ndi nthawi yokhwimira, zomwe nazonso zikumwazikana. Mapeto ake ndi maungu aatali, obulungira, aang'ono, ena okhwima msanga ena mochedwa. Kudyeka adyeka, koma wogula uja ankafuna ofanana sangawatengenso pa mtengo womwe uja.

Pali chifukwa chachiwiri, ndipo chimaoneka kwambiri pa chimanga. Mitundu iwiri yoyeretsedwa ija, mayi ndi bambo a haibulidi, payokha imakhala yofooka. Mphamvu imabwera chifukwa chakuti malangizo a mbali ziwiri akumana, lina n'kuphimba kufooka kwa linzake. M'badwo wachiwiri, theka la malo omwe malangizo anali osiyana amabwerera kukhala ofanana, monga tinaonera pa malichero paja, ndiye theka la mphamvu yowonjezera ija limatha. Tingoyerekeza ziwerengero: ngati makolowo payekhapayekha akanapereka matumba 6 pa ekala, ndipo haibulidi wawo akupereka 20, mphamvu yowonjezera ndi matumba 14. Mukabwereza mbewu mutaya theka lake, matumba 7, n'kukolola 13, pamene feteleza, kupalira ndi thukuta n'zomwe zija. Haibulidi wina amapangidwa ndi makolo atatu ndipo satsika kwambiri chonchi, komabe amatsika. Maungu safooka kwambiri ngati chimanga akabwerezedwa. Vuto lawo lalikulu ndi kusafanana kuja.

Ndiye haibulidi si mbewu yoipa. Ndi mbewu ya chaka chimodzi. Amene walima haibulidi aziika pambali ndalama ya mbewu pomwe wagulitsa, osadikira Novembala.

Kusankha dzungu la mbewu

Tibwerere ku maungu amakolo. Choyamba tidziwe kuti kusakanizika kwa chaka chino sikuoneka pa dzungu la chaka chino. Mnofu ndi khungu ndi za mayi. Za bambo zabisala m'nthanga, ndipo zidzaonekera chaka chamawa. N'chifukwa chake munthu amatha kudya dzungu lotsekemera, louma bwino ngati mbatata, n'kusunga nthanga, koma chaka chotsatira ena mwa maunguwo n'kukhala amadzimadzi. Sanalodzedwe, ndi njuchi basi.

Maungu sakwatirana ndi nkhaka, mavwende kapena mphonda, ndiye zimenezo musade nazo nkhawa. Koma batanati ndi wa banja limodzi ndi maungu ambiri amakolo omwe amakonda malo otentha ngati kwathu kuno, ndipo amakwatirana mosavuta. Ngati mnzathu wa dimba loyandikana wadzala batanati, mungu wake ulowa ndithu m'maungu athu. Olima mbewu yogulitsa amatalikitsa minda ndi mamita mazana angapo, ena mpaka kilomita. Kwathu kuno minda ndi yogundana, zimenezo sizingatheke. Tili ndi njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yongosankha mayi wabwino chaka chilichonse. Tisamayambe kusankha maungu ataunjikidwa kale pakhomo. Tiyende m'munda akadali pa mphukira, tione chomera chomwe chili ndi masamba athanzi, osakwinyika ndi osachita mawangamawanga achikasu, chobereka maungu angapo, chopatsa nkhwani wofewa. Tiike chizindikiro pa zomera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zotere, ndipo pa chilichonse titenge dzungu limodzi. Kutenga mbewu yonse pa dzungu limodzi, ngakhale likhale lalikulu bwanji, kumachepetsa mtundu, ndipo chaka chovuta chikabwera zomera zonse zimagwa pamodzi. Njira imeneyi siyeretsa mtundu msanga popeza bambo sitikumudziwa, koma pakapita zaka munda umapendekera ku zomwe timakonda.

Njira yachiwiri ndi yokwatitsa tokha ndi manja. Imafuna kuleza mtima koma si yovuta, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuiphunzira. Tiyerekeze banja lina kwa Maganga lili ndi dzungu lamawanga lotsekemera lomwe likufuna kuti lisatayike. Ladzala mu Disembala ndi mvula yoyamba. Maungu oyamba akayamba kuoneka maonekedwe ake, banjalo lisankhe zomera 6 zomwe zikuonetsa mtundu umenewo. Madzulo dzuwa likupendeka, lifufuze maluwa omwe atseguke m'mawa mwake. Amadziwika chifukwa nsonga yake yayamba kuchita chikasu ndipo yafufuma koma sinatseguke. Limange nsonga ya duwa lachikazi ndi kaluzi kapena ulusi, mosafinya kwambiri, ndipo limangenso maluwa achimuna awiri kapena atatu a pa zomera zina mwa zosankhidwa zija. Amayi auzidwe kuti maluwa omangawo si a chiluwe.

M'mamawa, asodzi a usiku akamakocheza, ndiyo nthawi yake, chifukwa duwa la dzungu limatseguka kukucha ndipo dzuwa likakwera limafota. Thyolani duwa lachimuna, chotsani masamba ake achikasu kuti patsale kamtengo kokhala ndi mungu. Masulani lachikazi, pakani munguwo pa timitu ta pakati pa duwa, mbali zonse, pogwiritsa ntchito maluwa achimuna onse awiri kapena atatu. Chitani msanga njuchi isanalowe. Ikalowa, duwa limenelo lisiyeni, silikhalanso la mbewu. Mukatha mangani duwalo kachiwiri, ndipo pa kamtengo ka kadzungu mangani kansanza kofiira momasuka kuti mudzalizindikire pokolola.

Pakatha masiku anayi kapena asanu mudziwa. Kadzungu kogwira kamayamba kukula n'kumawala, kokanika kamachita chikasu n'kuyoyoka. Si onse amagwira, ndiye pa zomera 6 kwatitsani maluwa 12 kapena kuposa. Chomera chomwe chanyamula kale maungu ambiri chimakonda kutaya atsopano, choncho thyolani ena aang'ono mudye kuti wa mbewuyo apeze chakudya. Ngati mbewu yomwe munayamba nayo inali yosakanizika kale, chaka choyamba siyera yonse. Bwerezani zaka zitatu kapena zinayi, ndipo muona maungu akufanana kwambiri.

Kukolola ndi kuumitsa nthanga

Dzungu la mbewu lisathyoledwe msanga. Kuchokera tsiku lokwatitsa limafuna pafupifupi miyezi iwiri. Lakhwima ngati kamtengo kake kauma n'kuchita ngati nkhuni, ndipo chikhadabo sichikulowa pakhungu. Lidulidwe ndi kamtengo kake, chifukwa dzungu lothothoka kamtengo limayamba kuwola pomwepo. Kenako liikidwe pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata atatu. Nthawi imeneyi nthanga zimapitiriza kudzaza, zikuyamwa chakudya ku mnofu.

Potumbula, lawani. Dzungu lomwe silikukoma nthanga zake zikazingidwe, zisasungidwe, ngakhale lili ndi kansanza kofiira. Nthanga za lokoma muzitsuke m'madzi oyera, kuchotsa ulusi wonse ndi kuterera, popeza zotsalirazo ndi zomwe zimaitana nkhungu. Zofwamphuka, zopyapyala, zomwe ukafinya ndi zala zimamveka kuti mulibe kanthu, zitayeni. Zotsalazo muziyanike pa lichero kapena pa mphasa, mosaunjika, pamthunzi podutsa mphepo, n'kumazitembenuza tsiku ndi tsiku. Musayanike pa malata kapena pa mchenga wa kugombe masana. Kutentha komwe kumaumitsa usipa kumapha kamwana ka m'kati mwa nthanga. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri yesani kupinda nthanga imodzi. Ikathyoka kuti thyo, yauma. Ikangopindika, sinaume.

Makolo athu ankasakaniza nthanga ndi phulusa n'kuziika m'nsupa, kapena kuzipachika kukhitchini kumene kumafika utsi. Nzeru yake ndi yoona: phulusa ndi utsi zimathamangitsa tizilombo ndipo pamalopo pamakhala pouma. Chofunika n'chakuti zisakhale pamwamba penipeni pa moto. Botolo lagalasi lotseka bwino ndi labwinonso, ndipo mbewa sizingaboole, koma muziikamo nthanga zouma kotheratu. Zachinyezi zikatsekeredwa zimachita nkhungu.

Nyemba: mtundu susintha, koma matenda amayenda ndi mbewu

Kuno kunyanja nyemba sizichita bwino ndi mvula monga zimachitira ku Dedza ndi ku Ntcheu, chifukwa kutentha, makamaka kwa usiku, kumayoyola maluwa. Ambiri amene timalima nyemba timadzala m'madimba nyengo yozizira ya mwera, cha mu Meyi ndi Juni, n'kukolola cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Zimenezi zili ndi ubwino wake. Nyemba zolimidwa m'chilimwe, mvula isakuwaza masamba, sizigwidwa kwambiri ndi matenda oyenda ndi madontho a mvula, ndiye mbewu yake imakhala yoyera. Koma zili ndi vuto lakenso. Mbewuyo iyenera kudikira miyezi 8 kapena kuposa, kudutsa kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja lonse, kuti idzadzalidwenso.

Matenda angapo a nyemba amabisala m'mbewu. Pali nthenda yomwe imakwinyitsa masamba, kuwachititsa mawanga obiriwira mowala ndi mwakuda, chomera n'kupinimbira. Imafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba ndipo imalowa m'mbewu. Pali ina yomwe imawaula masamba, bala lofiirira lozunguliridwa ndi chikasu. Pali inanso yomwe imachita zilonda zakuda zolowa m'kati pa makoko. Chomera chodwala chikhoza kubereka nyemba zooneka bwino ndithu, koma mukazidzala nthendayo imamera nazo limodzi. Ndiye kusankha mbewu ya nyemba kumayambira m'munda. Patulani mizere ingapo ya pakati pa dimba kuti ikhale ya mbewu. Muziyendera sabata ndi sabata, n'kuzula chomera chilichonse chokwinyika, chopinimbira kapena chosiyana ndi zinzake pa maluwa ndi kayangidwe. M'mizere imeneyi musathyole khwanya kapena zitheba, ndipo musamayendemo masamba akadali ndi mame, popeza zovala zonyowa zimanyamula matenda. Ngati mukulima mitundu iwiri, siyani mpata wa mamita angapo pakati pake, koposa zonse kuti isasakanizike pokolola ndi popuntha.

Kololani makoko ambiri atauma n'kumachita phokoso mukawagwedeza, koma asanayambe kusweka okha. Musazisiye nthawi yaitali m'munda, chifukwa anankafumbwe ena amayambira komweko. Popuntha musamenye mwaukali ngati mukupuntha mpunga. Nyemba youma ikamenyedwa kwambiri imang'aluka m'kati ngakhale khungu lili bwino, ndipo imamera yopanda mutu kapena osamera. Ikani m'thumba n'kumenya pang'onopang'ono, kapena fikisani ndi manja. Mukapeta, khalani pansi ndi lichero musankhe imodziimodzi, kuchotsa zonyala, zothimbirira, zosweka, zoboola ndi za mtundu wina. Yanikani pa mphasa dzuwa la m'mawa kwa masiku angapo, masana n'kuzikokera pamthunzi. Lumani imodzi. Ikasweka ndi phokoso yauma, mano akangolowa sinaume.

Nanga tisunge zochuluka bwanji? Nyemba zosayanga zikadzalidwa pazokha zimafuna pafupifupi makilogalamu 30 pa ekala. Wa dimba la kota ya ekala akufunika makilogalamu 8, ndiye asunge 10 kuti zina zidzakhale zopakiza pomwe sizinamere.

Kuteteza kwa nankafumbwe

Mdani wamkulu wa mbewu ya nyemba m'malo otentha ndi nankafumbwe. Amaikira mazira pa nyemba kapena pakati pake, mphutsi n'kulowa m'kati, ndipo kotentha ngati kuno m'badwo umodzi umatha m'mwezi umodzi wokha. Pa miyezi 8 ija thumba lonse likhoza kusanduka ufa. Zizindikiro zake ndi timazira toyera tomatirira pakhungu, timawindo tozungulira tooneka ngati tapyapyala, kenako timabowo.

Njira yotsika mtengo ndi phulusa la nkhuni losefa bwino. Lisakhale longowaza pamwamba ayi. Lichuluke mpaka kutseka mipata yonse ya pakati pa nyemba, ndipo pamwamba pa mtsuko pakhale phulusa lokhalokha. Njira ina ndi yotsekera mpweya, m'chigubu chouma chotseka bwino, chodzaza mpaka kukamwa, kapena m'matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati. Tizilombo timatha mpweya n'kufa. Koma mukamatsegulatsegula mukuwapatsanso mpweya, ndiye mbewu ikhale ndi chotengera chake, chosiyana ndi nyemba za ndiwo. Chigubu chomwe munali petulo wa injini ya boti musachigwiritse ntchito. Amene akufuna kuthira mankhwala a fumbi monga Akiteliki atsate muyezo wolembedwa pa botolo ndipo alembe pa thumbalo kuti ndi mbewu.

Chotengeracho chikhale m'chipinda chozizirirapo, pa thandala, osati pansi kapena kugunda khoma, komanso osati kufupi ndi denga la malata. Kutentha ndi chinyezi ndi zomwe zimakalambitsa mbewu. Lembani dzina la mtundu ndi mwezi womwe munakolola.

Yesani musanadzale

Mbewu yooneka bwino ikhoza kukhala yakufa, ndipo kudziwira m'munda ndi kuchedwa. Kutatsala masabata awiri kuti mudzale, tengani nyemba 20, mosasankha, zina pamwamba, zina pakati, zina pansi. Zifoletseni pa chiguduli chonyowa, pindani, muike pamthunzi, n'kumawaza madzi kuti chisaume koma chisachite kudontha. Pakatha masiku 8 werengani zomwe zatulutsa muzu wolimba ndi mphukira. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera pakati pa 12 ndi 15, dzalani mowirikiza, kuonjezera mbewu pa phando. Zikachepera 12, funani ina nthawi ikadalipo. Nthanga za maungu ziyesedwe chimodzimodzi.

Nyemba zogula pamsika kwa Kamuzu Road kapena ku Chipoka ndi za ndiwo. Sitidziwa kuti zakhala nthawi yaitali bwanji, zinaumitsidwa motani, kapena munda wake unali ndi matenda otani. Ngati palibe kuchitira mwina, zisankheni pa lichero n'kuziyesa pa chiguduli musanataye nazo mphamvu. Batanati wa pamsika nayenso sitingadziwe ngati ndi F1 kapena ayi, ndiye nthanga zake tiyese pa mapando ochepa chabe. Ndipo ngakhale nyemba sizisintha mtundu, matenda amaunjikana m'mbewu pang'onopang'ono. Tikaona kuti zomera zokwinyika zikuchuluka chaka ndi chaka ngakhale tikuzula, nthawi zambiri pakatha nyengo zitatu kapena zinayi, tigule mbewu yovomerezeka yatsopano kapena tisinthane ndi mnzathu amene munda wake tinauona ndi maso kuti unali wathanzi.